Kalata yopita ku komiti ya mjigo: chifukwa chake tiyenera kugula mapaipi atsopano

Kwa a Wapampando, a Mlembi, a Msungichuma ndi mamembala onse a komiti ya mjigo,

Ndikupereka moni kwa nonse, komanso ulemu kwa a mfumu. Pa tsiku limene ndinayeza mjigo wanu, ena mwa inu munali kumaliro kumudzi woyandikana nawo, ndipo amene analipo anandipempha kuti zonse ndizilembe papepala kuti mukaziwerenge pa msonkhano. Ndamvanso kuti anthu ena akufunsa kuti, "Tinangosonkha kumene ndalama za malabala, lero akufunanso za mapaipi?" Funsoli ndi loyenera, chifukwa ndalamazo ndi thukuta lanu. Choncho ndifotokoza zimene ndinayeza, zimene ndinapeza, ndi chifukwa chake ndikunena kuti paipi yabooka ndipo malabala okha sangathetse vutoli.

Dandaulo lanu linali lakuti amayi akafika m'mawa amajiga nthawi yaitali madzi asanatuluke, ndipo akayamba kutuluka amabwera ochepa. Munthu akangosiya pang'ono kuti asinthe ndowa kapena apume, wotsatira wake amayambiranso kujiga pachabe. Osamalira mjigo anachita zimene anaphunzitsidwa. Anatulutsa marodi, zitsulo zotsika m'kati mwa paipi kuchokera ku handulo. Anasintha labala ya pulanja, imene imakankha madzi kuti akwere, bobini, imene imatseka ndi kutsegula njira ya madzi, ndi kalabala kozungulira ka pa futuvavu, imene imaletsa madzi kubwerera m'chitsime. Anachita bwino kuyambira pamenepo, popeza kawirikawiri madzi akamathawa, chimakhala chimodzi mwa zinthu zitatuzi, ndipo ndi zotsika mtengo. Koma atabwezera zonse, mjigo unapitiriza khalidwe lake lomwe lija.

Mjigo wanuwu ndi wa mtundu wa Afridev, umene uli m'midzi yambiri m'Malawi muno, ndipo ntchito youpanga inayambira kuno komwe kumayambiriro a zaka za m'ma 1980. Anaupanga mwadala kuti anthu a pamudzi azitha kutulutsa marodi, pulanja ndi futuvavu kudzera m'kati mwa paipi popanda kuzula paipiyo. N'chifukwa chake zaka zimatha paipi osaiona ndi maso, ndipo n'zosavuta kuiwala kuti nayonso imatha. Malinga ndi buku la komiti, silinda yanu, chigawo cha pansi chimene pulanja imayendamo, ili pa mamita pafupifupi 30, ndipo pali mapaipi 10 a pulasitiki, iliyonse yotalika pafupifupi mamita atatu, omatidwa ndi guluu.

Ndinayamba ndi kuyeza kuchuluka kwa madzi. Mjigo wa Afridev umene uli bwino, munthu akajiga ka 40 pa mphindi imodzi, handulo ikukwera mpaka pamwamba ndi kutsika mpaka pansi, umayenera kutulutsa malita osachepera 16. Imeneyi ndi ndowa ya malita 20 yotsala pang'ono kudzaza. Wanu unatulutsa malita 9 okha, chikhalirecho labala ya pulanja ndi yatsopano. Ndinaitulutsanso kuti ndione ngati inaikidwa chozondoka kapena ngati inang'ambika polowa, koma inali bwinobwino. Ndiye kuti pulanja ikukankha madzi okwanira, koma pafupifupi theka lake silikufika kumpopi.

Kenaka tinausiya mjigo kwa mphindi 30 osaugwira. Mjigo wosadontha umasunga madzi m'paipi mpaka pamwamba, moti mukabwerera, madzi amatuluka musanajige koposa kasanu. Wanu tinajiga koposa ka 80. A Mlembi anawerenga nawo, ndipo osamalira mjigo ananena kuti m'mawa, mjigo utagona usiku wonse, nambala yake imakhala yomweyo. Apa ndi pamene ndinayamba kukayikira paipi. Mita imodzi ya paipi imeneyi imasunga malita awiri ndi pang'ono, ndipo kujiga kamodzi kumakweza madzi osakwana theka la lita. Choncho pamafunika kujiga pafupifupi kasanu kuti madzi akwere mita imodzi. Nambala ya 80, titachotsapo madzi amene amathawa pamene akukwera, inaonetsa kuti madziwo akutsika mamita 12 kapena kuposerapo pang'ono, n'kuima pomwepo, kaya padutsa theka la ola kaya usiku wonse.

Kuti nditsimikize, tinatulutsa marodi onse ndi pulanja, futuvavu n'kuisiya m'malo mwake. Tinathira madzi ndi ndowa mpaka paipi inadzaza. Amene munalipo munaona madziwo akutsika msanga, ndipo a Msungichuma ataika khutu pa chitsulo cha mjigo anamva madzi akuthirikira m'kati mwa chitsime. Mphindi 10 zisanathe phokosolo linaleka. Ndinatsitsa chingwe chomangirira kanati kumapeto, ndipo chinakhudza madzi pa mamita 12. Tinadikira ola lathunthu, ndinayezanso, madzi anali pomwepo. Nditakoka futuvavu ndi mbedza yake, madzi a m'paipi anatsikanso n'kukaima pa mamita 19, pamene pali madzi enieni a m'chitsime chanu nyengo ino.

Manambala awiriwa, 12 ndi 19, ndiwo umboni wonse wa nkhaniyi, ndiye ndikupemphani muwamvetse. Ndowa ikabooka pansi, madzi amatha onse. Ikabooka m'mbali, madzi amatsika mpaka pa bowopo n'kuima. Chikhala kuti futuvavu ndiyo ikudontha, madzi a m'paipi akanatsika pang'onopang'ono mpaka kulingana ndi a m'chitsime, pa mamita 19. Iwo anaima pa 12, mamita 7 pamwamba pa madzi a m'chitsime, ndipo anakhala pamenepo osasuntha. Zimenezi zikutiuza zinthu ziwiri. Bowo lili pa mamita 12, pafupi ndi pamene paipi yachinayi yalumikizana ndi yachisanu. Komanso futuvavu, silinda ndi mapaipi a pansi akugwira madzi bwino, zimene ndi nkhani yabwino chifukwa silinda ndiyo yodula kwambiri.

Chimene chinaboola paipiyo chinaoneka pa marodi. Pa mfundo iliyonse pamene rodi imakolana ndi inzake pamayenera kukhala kalabala kotchedwa senturalaiza, kamene kamasunga rodi pakati kuti chitsulo chisakhudze pulasitiki. Titayala marodi pa udzu motsatana mmene anatulukira, tinapeza kuti pa mfundo ya pa mamita 12 ndi ya pa mamita 15 panalibe senturalaiza. Pamodzi panali pomangidwa ndi chidutswa cha chubu cha njinga. Ya pa mamita 18 inalipo koma itadyeka mbali imodzi mpaka chitsulo kuonekera. Mfundo zimenezi zinali zonyezimira mbali imodzi yokha, ndipo nditapaka chala panatsala ufa woyera wa pulasitiki. Rodi yachisanu inali yopindika. Nditaigubuduza pa simenti ya mjigo inkadumphadumpha m'malo moyenda mosalala. Mabushi a handulo nawonso atha, moti handulo ikugwedera kumanzere ndi kumanja, ndipo kugwedera kumeneko kumatsikira m'marodi.

Khungu la paipi imeneyi ndi lokhuthala pafupifupi mamilimita 5 okha. Kujiga kulikonse rodi imayenda masentimita 22 ndi theka kukwera, n'kubwerera. Tiyerekeze kuti patsiku pamatungidwa ndowa 200, ndipo ndowa iliyonse imafuna kujiga pafupifupi ka 45 mjigo uli bwino. Ndiye kuti chitsulo chopanda labala chimakhula malo amodzimodzi ka 9,000 tsiku lililonse. Poyamba chimakumba kanjira m'kati mwa paipi, kanjirako kamazama, mpaka tsiku lina pulasitiki imang'aluka. Sindikuloza munthu chala pa nkhani ya chubu chija. Amene anamanga ankafuna kuti mudzi usagone ndi ludzu, ndipo mwina m'bokosi munalibe senturalaiza. Koma ndi bwino komiti idziwe kuti kalabala ka mtengo wochepa kwambiri pa zipangizo zonse ndi kamene katifikitsa pogula mapaipi.

Pa tsiku lija panatuluka maganizo atatu ofuna kupulumutsa ndalama, ndipo ndiyankhe lililonse.

Ena anati tizule mapaipi, timange pobookapo ndi mphira mwamphamvu, tibwezere. Izi ndaziona m'midzi ina, ndipo zimagwira kwa kanthawi. Koma pa mamita 12 madzi amakankha khungu la paipi ndi mphamvu yoposa kilogalamu imodzi pa kamalo kakang'ono ngati chikhadabo, ndipo pojiga mphamvuyo imagunda mobwerezabwereza. Mphira imatsekereza madzi kunja, koma siibwezera pulasitiki imene yadyeka. Paipi yachisanu yanyamula mapaipi onse a pansi pake, silinda, ndi madzi a m'kati mwake. Mng'alu ukapitirira mozungulira, paipi imaduka. Pali zingwe zimene zinamangidwa ku silinda kuti zigwire zikatere, koma zanu zakhala m'madzi zaka zambiri ndipo sindingazidalire. Silinda ikagwera pansi pa chitsime, kuivuula ndi ntchito yofuna zida zapadera, nthawi zina anthu ochokera kuboma, ndipo pali zitsime zimene zinasiyidwa chifukwa zinthu zogweramo zinakanika kutuluka. Mtengo wa ntchito imeneyo sungafanane ndi wa mapaipi ochepawa.

Ena anati tidule mapaipi owonongekawo, otsalawo tiwalumikize, mjigo ukhale wamfupi. Tikachotsa mapaipi atatu, silinda ichoka pa mamita 30 kufika pa 21. Madzi ali pa 19 chitsime chitapuma, ndipo anthu akamajiga mosalekeza amatsika. Tikanalinso tisanafike pa Okutobala ndi Novembala pamene madzi a pansi amatsikitsitsa. Silinda ya pa mamita 21 idzayamba kukoka mpweya dzuwa likamakwera, labala idzayenda pouma n'kutha msanga, ndipo mudzati chitsime chauma pamene madzi alimo. Amene anakumba anaika silinda pa 30 atayeza mmene chitsimechi chimatsikira, ndipo tiyenera kuibwezera pomwepo.

Ganizo lachitatu ndi limene ndikuliopa kwambiri, chifukwa limaoneka lanzeru. Akuti tigule paipi wamba ya kuhadiweya, tiiwotche kumapeto ndi moto kuti ifutukuke, tilowetse inzake. Paipi wamba ya mamilimita 63 imafanana ndi ya mjigo kunja kokha. Khungu lake ndi lopyapyala, inapangidwira madzi oyenda itagona m'nthaka, osati kulendewera ndi katundu. Moto nawo umapsereza pulasitiki. Malo owotchedwa amauma gwa, amasweka msanga, ndipo sakhala owongoka. M'kati mwake mumatsala khwinya limene limakola pulanja kapena kung'amba labala potulutsa, ndipo mfundo yokhota imakankhira rodi kukhoma, n'kuyambitsanso kudyeka kumene tikulimbana nakoku. Mapaipi odulidwa amalumikizidwa ndi soketi yogula, yotseguka mbali zonse ziwiri, ndi guluu wa mapaipi.

Zimene ndikupempha komiti kugula ndi izi. Mapaipi anayi a Afridev a mamilimita 63. Atatu alowa m'malo mwa yachinayi, yachisanu ndi yachisanu ndi chimodzi, chifukwa ngakhale bowo lili pamodzi, marodi aonetsa kuti kudyeka kuli pa chigawo chonsechi, ndipo kusintha imodzi yokha ndi kuitana ntchito yomweyi chaka chisanathe. Yotsalayo ikhale pafupi pa tsiku la ntchito chifukwa cha mfundo ya pa mamita 18, imene ili kumayambiriro a paipi yachisanu ndi chiwiri. Tikadula ndidzasuzumira ndi tochi ndi kupisa chala. Ndikapeza kanjira kozama tidzaisintha, ndikapeza pali bwino paipiyo mudzaisunga pamthunzi, yogoneka pamalo osalala. Pakufunikanso masoketi atatu, chitini cha guluu wa mapaipi, mankhwala otsukira paipi musanamate, sandipepa, rodi imodzi yofanana ndi zimene zilipo, masenturalaiza a marodi 10 kuti tisinthe onse, malabala akunja osunga paipi pakati pa chitsime, mabushi anayi, ndi chingwe chatsopano cha nailoni cha mamilimita 6, chotalika mamita osachepera 70 popeza chimapita pansi n'kubwerera.

Mitengo sindinalembe dala, chifukwa ikusintha pafupipafupi ndipo sindikufuna kuti nambala yanga idzakanganitse anthu. A Msungichuma apite ndi membala wina kusitolo yogulitsa zipangizo za mijigo, afunse malo awiri, alembetse mitengo papepala, abwere nayo ku msonkhano. Pogula, awerenge zolembedwa pa paipi penipenipo. Payenera kuoneka 63 mm ndi PN 16 kapena Class 16. Asuzumire m'kati ngati ili yowongoka, ndipo akane paipi imene yasuluka chifukwa chokhalitsa padzuwa. Guluu apendeketse chitini amve ngati akuyenda. Wolimba ngati phala lozizira ndi wakale, sagwira. Risiti isungidwe m'buku. Ndalama zogulira zisadutse m'manja mwanga. Ine ndidzalandira za ntchito yokha monga mwa pangano lathu.

Mwina mukudabwa kuti bwanji sindinazule mapaipi tsiku lomwelo kuti bowolo mulione ndi maso. Mapaipi omatidwa samasulidwa ngati a mazinga. Amatuluka onse ngati chinthu chimodzi cha mamita 30, kapena amadulidwa. Kuzula paipi yong'aluka popanda yolowa m'malo mwake kukanasiya mudzi wopanda madzi mpaka ndalama zitapezeka. N'chifukwa chake ndinabwezera zonse, n'kuika masenturalaiza awiri amene ndinali nawo m'chikwama pa malo opanda aja, kuti kudyeka kuchepe pamene mukusonkha.

Pa tsiku la ntchito ndidzafuna amuna amphamvu osachepera 8, ndi malo oyera oyalapo zipangizo, ana ndi ziweto zili kutali. Tidzayamba m'mamawa kusanatenthe, chifukwa guluu amauma msanga padzuwa munthu asanalowetse paipi bwino. Tidzakweza mapaipi pang'onopang'ono, ena atagwira zingwe, n'kumadula ya pamwamba imodziimodzi mpaka tidutse owonongekawo. Itatu ya pamwamba, ngati ili bwino, idzabwerera ndi masoketi. Kuti timange chingwe chatsopano tidzatulutsa mpaka silinda, ndipo mpata womwewo ndidzaona m'kati mwake. Mfundo iliyonse imadulidwa mowongoka, kusongoledwa m'mphepete, kukhulidwa ndi sandipepa, kutsukidwa, kupakidwa guluu mbali zonse ziwiri, kulowetsedwa kamodzi mpaka pa chizindikiro, n'kudikira mphindi zosachepera zisanu isanatsitsidwe. Pamenepa ndidzapempha kuti pasakhale wondifulumizitsa, chifukwa mfundo zambiri zimene zimadontha zimakhala zomatidwa mothamanga dzuwa likulowa.

Tikatha, mjigo suyenera kujigidwa kwa maola 24 kuti guluu akhwime. Ndidzachotsa handulo n'kuisiya kwa a Wapampando. Popeza mapaipi adzakhala atagwiridwa ndi manja ambiri, tidzathira kolorini m'chitsime mothandizana ndi alangizi a zaumoyo, ndipo tsiku lotsatira tidzajiga madzi otaya mpaka fungo litachepa. Choncho lengezani kuti banja lililonse litungiretu madzi akumwa a masiku awiri. Tonse tikukumbukira kolera ya mu 2022 ndi 2023, ndipo sindikufuna kuti masiku awiriwa atumize amayi kuzitsime za kudambo. Amene madzi awathera atunge kumjigo wa kusukulu, a mfumu akapemphe chilolezo pasadakhale.

Musadzandilipire ndisanabwereze pamaso panu mayeso awiri aja. Kujiga ka 40 kutulutse malita 16 kapena kuposa, ndipo mjigo ukapuma mphindi 30 madzi atuluke musanajige koposa kasanu. A Mlembi adzalembe manambalawo m'buku pamodzi ndi tsiku. Osamalira mjigo azibwereza mayesowa kamodzi pa mwezi, ndipo pakatha miyezi 6 iliyonse azitulutsa marodi n'kuyang'ana senturalaiza iliyonse. Yodyeka mbali imodzi isinthidwe pomwepo, ndipo m'bokosi muzikhala zosachepera zisanu nthawi zonse. Marodi akatuluka aziyalidwa pa mitengo iwiri kapena itatu, osapondedwa, ndipo abwerere motsatana mmene anatulukira.

Pamene mukusonkha ndalama, mjigo mutha kuugwiritsabe ntchito, koma mosamala. Anthu azijiga modekha, handulo iziyenda ulendo wonse osamenyetsa pamwamba kapena pansi, ndipo ana asalendewere. Madzi akangosiyiratu kutuluka, kapena handulo ikapepuka mwadzidzidzi, kapena mukamva kugunda kwachilendo pansi, mangani handulo ndi tcheni ndipo munditumizire uthenga tsiku lomwelo. Wina asayese kukoka chilichonse. Ndikupempha kuti ntchitoyi ichitike mwezi uno usanathe, chifukwa mng'alu umakula ndi kujiga kulikonse. Kope la kalatayi ndapereka kwa alangizi a zamadzi a dera lathu kuti adziwe, ndipo ngati komiti ikufuna kuti wina ayezenso, iwo atha kubwera kudzathira madzi m'paipi monga tinachitira. Mukandiuza tsiku la msonkhano ndidzabwera ndi rodi yopindika ija ndi senturalaiza yodyekayo kuti anthu azigwire ndi manja awo.

Ndatha ine wanu,

Mekaniki wa mijigo wa dera lino